Mmene ndinawatsutsira a tcheya pa gulupu anthu onse akuwerenga

Kuwatsutsa a tcheya pa WhatsApp nkosiyana ndi pamsonkhano, chifukwa pamsonkhano mawu amathera pompo koma meseji imakhala, anthu amaiwerenganso mawa lake, ena mpaka kuitumiza kwa anthu omwe sali m'gulu. Gulu lathu la banki mkhonde lili kwa Santhe kuno ku Kasungu. A tcheya analemba kuti kugawana ndalama kwa mu Disembala kwasunthidwa mpaka Febuluwale chifukwa anthu atatu sanabweze ngongole, yonse pamodzi K380,000. Ine sindinagwirizane nazo olo pang'ono. Chimanga chimafuna feteleza wobereketsa kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, pofika Febuluwale chimakhala chamasula kale, ndiye Urea wogula nthawi imeneyo ukathira pati?

Sindinalembe pompo ayi. Ndinayamba ndawaimbira alembi kuti andijambulire tsamba la malamulo a gulu, chifukwa ukangoti "ine ndikuona" imakhala nkhani ya iwe ndi a tcheya, koma ukatchula lamulo lomwe tonse tinasainira imakhala nkhani ya gulu. Lamulo lathu limati timagawana pakatha miyezi 12, ndipo amene ali ndi ngongole tsiku logawana amadulidwa pa masheya ake.

Kenako ndinawaimbira a tcheya eni ake. Apa mpomwe ambiri amadumpha ndipo mpomwe zimaonongekera. Ndinawauza kuti mayi, nkhani ya tsiku ija ine ndikuiona mwina, ndipo ndiyankha pa gulupu pomwepo poti munalemba pamenepo, ndati ndikudziwitseni kaye. Sindinawapemphe chilolezo, ndimangofuna asadzidzimuke nayo anthu akuona. Ndipo pafoni pomwepo ndinamva chomwe chimawavuta, ankaopa kuti tikagawana atatu aja sabwezanso, komanso mmodzi masheya ake sakukwana ngongole yake. Nkhawa yomveka ndithu, moti ndinaiyika mu meseji yanga.

Voisi noti ndinaipewa dala, mawu akangokwera pang'ono anthu amamva mkwiyo osati mfundo, komanso ena bandulo imakhala yawathera satsegula. Ndinakokera meseji yawo kumanja kuti yankho langa likhale pansi pa mawu awo enieni, ndikulemba chonchi:

"Zikomo a tcheya potidziwitsa za ngongole zatsala, nkhawa yanu yoti ndalama za gulu zisalowe m'madzi ndikuimvetsa. Koma pa tsiku logawana ndikupempha kusiyana nanu maganizo. Malamulo athu amati miyezi 12, ndipo ambirife tikudikira ndalamayi kuti tigule feteleza wachiwiri. Bwanji tigawane mu Disembala momwemo, a ngongole adulidwe pa masheya awo, yotsalayo tigwirizane tsiku lobweza? Ngati nkotheka muiyike pa zokambirana za Loweruka, gulu ligamule."

Meseji imodzi basi, osati zidutswazidutswa zisanu foni nkumangolira. Mulibe "mwalakwitsa", mulibe "nthawi zonse mumatero", ndipo maina a atatu aja sindinatchule ngakhale tonse timawadziwa, ukangotchula dzina nkhani ya tsiku imafa anthu nkuyamba kuteteza abale awo. Mzere womalizawo ndi umene ndinauganizira kwambiri, chifukwa umawabwezera a tcheya udindo wawo. Oitanitsa zokambirana ndi iwowo, ndiye akasintha maganizo sizioneka ngati agonja kwa ine. Ndinaiwerenga kawiri ndisanatumize poti WhatsApp imakupatsa mphindi 15 zokha zokonza meseji ndipo imalemba "Edited", ukafufuta aponso pamatsala chizindikiro anthu nkumafunsana kuti analemba chani.

Chovuta chinabwera pambuyo pake. Mayi wina anandiyikira kumbuyo koma molakwika, akuti eya auzeni, ndalama si zawo. Othandiza otere ndi amene amakuonongera, ukangokhala chete a tcheya amaona ngati munapangana. Ndinayankha mzere umodzi kuti amayi, a tcheya akuteteza ndalama zathu zomwe, tasiyana pa tsiku lokha. Wina anati tiyike mavoti pa gulupu pomwepo, ndinakana, mamembala ena alibe mafoni a WhatsApp ndipo masheya awo ali m'bokosi lomwelo.

A tcheya anawerenga osayankha mpaka madzulo, ine sindinawonjezere kanthu ngakhale mtima umafuna. Kenako analemba kuti nkhaniyi tikambirana Loweruka. Kumsonkhano msungichuma anawerengera, awiri masheya awo anakwana kudula, wachitatu panatsala K45,000 ndipo anasainira kuti abweza akagulitsa soya, tidzagawane imeneyo payokha. Tsiku logawana linabwerera mu Disembala, analengeza okha a tcheya.