Loweruka: kuyeza chipinda tisanagule bedi

Lero ndinakhalira kuyeza chipinda chogona cha m'nyumba imene tikusamukiramo kumapeto a mwezi uno, chifukwa kalipentala anakana kudula thabwa ngakhale limodzi asanadziwe kumene bedi likakhale. Chipindacho n'chopapatiza: m'lifupi ndi masentimita 240, m'litali 360. Khomo lili pakhoma lalifupi, pakona ya kumanja munthu akamalowa, ndipo chitseko chake cha masentimita 81 chimatsekukira m'kati. Zenera lili pakati pa khoma lalifupi la kutsogolo, lotambalala masentimita 120, ndipo mbali imene imatsekuka ndi ya kumanja.

Bambo a kunyumba amafuna bedi la kwini, ine ndimaganiza za dabulo. Matiresi a dabulo amakhala masentimita 137 m'lifupi, a kwini 152, onse awiri 188 m'litali. Koma kalipentala anandichenjeza kuti, "Mayi, musayeze matiresi okha, chifukwa matabwa a m'mbali ndi a kumutu nawonso amadya malo." Malinga ndi mapangidwe ake, dabulo likatha limafika 145 m'lifupi, kwini 160, ndipo kutalika kumayandikira 200. Manambala amenewa ndi amene ndinajambula pasimenti ndi choko, kenaka n'kumayenda mozungulira mizereyo ngati kuti bedi lilipo kale.

Ndinayamba ndi kuliika mopingasa, mutu utagunda khoma lalitali, popeza ndi mmene anthu awiri amatsikira bwino, aliyense mbali yake. Izi zinakanika msanga. Pa 240 mukachotsa 200 kumiyendo kumatsala 40 basi, pamene munthu amafuna malo osachepera 60 kuti adutse osayenda chammbali. Ndiye kuti chipinda chikanadulidwa pawiri, ndipo wofuna kutsekula zenera akanamakwera pabedi.

Choncho bedi liyenera kutsata khoma lalitali la kumanzere, kutali ndi njira ya chitseko. Kuliika pakati nakonso sikutheka, chifukwa masentimita 95 otsala pa dabulo akagawidwa pawiri safika 50 mbali iliyonse. Komabe sindikufuna kuti ligunde khoma. Ndasiya mpata wa masentimita 10 kuti dzanja lizilowa popisa neti pansi pa matiresi, komanso chifukwa khomalo ndi lakunja, ndipo utoto wake wafufuma chapansi, chizindikiro chakuti nthawi ya dzinja limakoka chinyezi. Matiresi okhudza khoma lotere amachita nkhungu, ndipo neti yopanikizika pakhoma imakhudza thupi la wogona kukhomako, udzudzu n'kumamuluma kudzera m'timabowo.

Nditachotsa mpata umenewu, dabulo linasiya njira ya masentimita 85, kwini 70. Kunena chilungamo, 70 munthu amadutsa. Chimene chinathetsa mkangano ndi zenera. Ilo likuyambira pa masentimita 60 kufika pa 180 kuchokera kukhoma la kumanzere, ndipo kwini likanathera pa 170, kutseka pafupifupi zenera lonse, pamene dabulo likuthera pa 155 ndipo munthu woima m'njira akufikira chogwirira popanda vuto. Bambo ataima pamzere wa chokowo n'kutambasula dzanja, anavomereza okha.

Mutu wa bedi unandivutitsa kwambiri. Sindikonda kugona mutu uli pansi pa zenera, chifukwa mu Juni ndi Julaye mphepo yozizira imalowa m'mipata, ndipo mvula yamkuntho imatha kunyowetsa mapilo. Ndinayesa kutembenuza kuti mutu ukhale kukhoma la khomo, koma pamenepo, kuchotsa khomo ndi felemu yake, patsala masentimita 150 okha, pamene bedi ndi mpata wake zikufuna 155. Chitseko chikanamamenya thabwa la m'mbali tsiku ndi tsiku. Tagwirizana tsono kuti mutu uloze kuzenera, kumbali ya galasi losatsekuka, ndipo thabwa la kumutu likhale lalifupi, lothera pansi pa zenera, kuti lisatchinge kuwala kapena kukola katani.

Kumiyendo kwatsala masentimita 160 kufika kukhoma la khomo. Kabati ya zovala, yotambalala 120 ndi yolowa m'kati 60, ikwana pakona ya kumanzere, ndipo pakati pa iyo ndi bedi padzatsala mita imodzi, yokwanira kutsekula zitseko zake munthu ataima patsogolo.

Madzulo ndinamuimbira kalipentala kumuuza kuti apange dabulo lomanga ndi mabawuti, osati lokhomerera ndi misomali, chifukwa kakhonde ka m'kati kamakhota pafupi ndi khomo ndipo bedi lathunthu silingatembenukepo. Ndamupemphanso kuti miyendo ikhale yotalika masentimita 30, kuti masutikesi azilowa pansi ndipo tsache lizifika mpaka kukhoma. Wati abwera Lolemba kudzaona yekha mizere ya chokoyo asanayambe ntchito.