Lachiwiri ku Ulongwe: fayilo ya malume yabwera yopanda funso

M'mawa ndili pakati pakumwa tiyi foni yalira, a malume aja a shopu ya feteleza ndi mbewu anditumizira fayilo ya Excel pa WhatsApp, pansi pake alemba mawu awiri basi, "taona izi". Ndayesa kuwaimbira osayankha, kenako azakhali andiuza kuti apita ku Domwe kukasiya katundu.

Zikatere dzanja limayabwa kuti upange magalafu okongola uwatumizire, koma galafu ikanangowauza kuti feteleza amayenda kwambiri mu Novembala ndi Disembala, zomwe mwana aliyense wa ku Angonia akudziwa. Ndiye ndati podikira kuti ayankhe ndiyambe ndadziwa kuti mufayilomu muli chani kwenikweni.

Choyamba ndasunga kope ina kuti yawoyo ndisaikhudze. Kenako ndafuna kudziwa kuti mzere umodzi ukuimira chani, lisiti imodzi, tsiku limodzi kapena mtundu umodzi wa katundu. Mitu ili m'Chipwitikizi, Data, Produto, Qtd, Preço, Total, mizere 638 kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo mzere uliwonse ndi katundu mmodzi amene wagulitsidwa tsiku limenelo. Nditawonkhetsa Total yonse yandipatsa mametikali pafupifupi 4 miliyoni, ndati ayi, shopu ija ndimaidziwa, siingafike apa. Kutsika pansi ndapeza kuti mnyamata wa pashopu amaika mzere wa TOTAL kumapeto kwa mwezi uliwonse momwemo, ndiye ndalama iliyonse imawerengedwa kawiri. Nditachotsa mizere 6 imeneyo yatsika kufika cha m'ma 2 miliyoni.

China chomwe ndimayesa nthawi zonse ndi ichi, ndinachita pa mabokosi a Total ndisanachotse kanthu:

```
=CONTAR(E2:E639)
=CONTAR.VAL(E2:E639)
```

Amene Excel yanu ili m'Chingerezi ndi COUNT ndi COUNTA. Yoyambayo imawerenga manambala okha, yachiwiriyo chilichonse cholembedwa. Zandipatsa 611 ndi 638, kutanthauza kuti mabokosi 27 kompyuta ikuwaona ngati mawu osati manambala, ndipo SOMA, fomula yowonkhetsa manambala, imangowadumpha osadandaula. Umawazindikira poti amakhala kumanzere kwa bokosi pomwe anzawo ali kumanja. Ambiri anali oti walemba "2500mt", koma anayi anali ndi MK, makasitomala olipira makwacha, paja kuno malire a Dedza ali pafupi. Anayiwo sindinawasinthe, ndawapaka mtundu wachikasu chifukwa sindikudziwa kuti tsikulo anasintha pa mtengo wanji.

Masana a malume aimba. Sindinafunse kuti mukufuna chani, funso lotero munthu amangoyankha kuti ungoona mmene zikuyendera. Ndati, "Malume, mukaona zomwe ndikupatseni, mukufuna muchite chani? Muode katundu, musinthe mitengo, kapena pali ndalama zomwe sizikukwana?" Akhala kaye chete kenako akuti, "Iwe mphwanga, ndikufuna ndidziwe Urea ndiode matumba angati chaka chino, chaka chatha ndinapusa." Anafunsanso ngati apindula, ndawauza mosabisa kuti fayiloyi singayankhe zimenezo, mulibe mtengo woodera, thiransipoti kapena lendi, muli zogulitsa zokha.

Funso litapezeka ntchito yake inali ya mphindi 20. Ndasefa Produto kutsala Urea yekha wa matumba a 50 kg, ndinayamba ndagwirizanitsa kalembedwe poti pena analemba Ureia pena urea. Disembala matumba 140, Januwale 75. Munthu wongoyang'ana mwezi ndi mwezi anganene kuti Januwale anthu anachepa, koma nditayang'ana tsiku ndi tsiku ndaona kuti kuyambira pa 1 mpaka pa 9 anagulitsa 45, pa 10 mpaka pa 24 palibe ngakhale thumba limodzi, kenako sabata yomaliza 30. Masiku 15 opanda kanthu nthawi yomwe anthu akubereketsa chimanga, ndipo masiku omwewo katundu wina amagulitsidwa bwinobwino ndiye shopu sinatseke. Ndawaimbiranso, avomera kuti inde Urea anatha, galimoto inachedwa.

Apa ndi pomwe fayilo ya zogulitsa imanamiza, imalemba zomwe zinatuluka pakhomo, amene anabwera ndi ndalama nkubwerera chimanjamanja mulibemo. Ndawerengera kuti 45 pa masiku 9 ndi matumba 5 patsiku, kuchulukitsa ndi 15 ndi 75, ndiye Januwale akanafika mwina 150. Ndawachenjeza kuti 75 imeneyo ndi yongoyerekeza, chifukwa ena mwa 30 omaliza aja angakhale omwewo amene anadikira, komanso chaka chimodzi sichokwanira kudalira, mvula ikachedwa zonse zimasuntha.

Madzulo ndawatumizira mizere inayi pa WhatsApp, nambala ya Disembala, ya Januwale, masiku omwe katundu anatha, ndi zomwe ndachotsa mufayilo. Ndawapemphanso kuti mawa mnyamata uja andijambulire buku lolandirira katundu, ndione matumba analowa liti, komanso andiuze mtengo wa kwacha pa mizere yachikasu ija.