Bakitesiti yanga inkadziwa za madzulo kudakali m'mawa

Lamulo limene ndinkayesa pa bakitesiti, kutanthauza kuyesa njira yogulira ndi kugulitsira masheya pa mitengo yakale, ndi losavuta. Mtengo wotsekera wa S&P 500, indekisi ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, ukakhala pamwamba pa avareji ya masiku 200 apitawa, ndigule. Ukagwera pansi, ndigulitse ndisunge ndalama. Ndinatenga mitengo ya tsiku ndi tsiku ya zaka zambiri, n'kulemba mizere itatu mu pandas:

```python
df["ma"] = df["close"].rolling(200).mean()
df["pos"] = (df["close"] > df["ma"]).astype(int)
df["ret"] = df["pos"] * df["close"].pct_change()
```

Galafu imene inatuluka inali yokongola mochititsa mantha, yongokwera osapunthwa. Ndinasangalala usiku umodzi. Kutacha ndinayamba kukayika, chifukwa lamulo limene aliyense amalidziwa silingalemeretse munthu chonchi.

Ndinasiya galafuyo n'kuyamba kuwerenga tebulo mzere ndi mzere, pa sabata imene ndimaikumbukira bwino. Pa 27 Febuluwale 2020 msika unagwa ndi 4.4 peresenti n'kutsekera pansi pa avareji. Mu tebulo langa `pos` ya tsikulo inali 0, ndiye kuti sindinaluze kanthu. Koma ndikanadziwa bwanji m'mawa kuti madzulo mtengo utsekera pansi? Chizindikiro chogulitsa chimabadwa msika ukatseka, kugwa kutachitika kale. Pulogalamu yanga inkatenga yankho la madzulo n'kulibweza m'mawa.

Masiku otsatira ndi amene anandionetsa kukula kwa bodzali. Pa 2 Malichi msika unakwera ndi 4.6 peresenti n'kubwerera pamwamba pa avareji. Pa 3 unagwa ndi 2.8, pansi. Pa 4 unakwera ndi 4.2, pamwamba. Pa 5 unagwanso ndi 3.4, pansi. Bakitesiti yoonera mayankho ija inadya masiku awiri okwera n'kuzemba atatu ogwa, phindu pafupifupi 9 peresenti. Munthu weniweni wotsata lamulo lomweli zikanamuyendera mosemphana: kugwa konse katatu kukanamupeza ali mkati, kukwera konse kawiri ali kunja. Ndikachulukitsa 0.956 ndi 0.972 ndi 0.966 ndimapeza pafupifupi 0.898, kuluza 10 peresenti. Lamulo limodzi, masiku omwewo, kusiyana kwa mapointi 19.

Mankhwala ake ndi kachinthu kakang'ono:

```python
df["held"] = df["pos"].shift(1).fillna(0)
```

Tsopano zimene ndagwira lero zimachokera pa chizindikiro cha dzulo. Komabe apa ndikudzikomera mtima pang'ono, chifukwa ndikuyesa ngati ndinagula pa mtengo wotsekera womwewo umene unandipatsa chizindikiro. Njira yokhwima ndi kugula pa mtengo wotsegulira wa m'mawa wotsatira. Ndimayesa zonse ziwiri, ndipo zotsatira zikasiyana kwambiri ndimakhulupirira yachiwiriyo.

Kenako ndalama zolipira. Nthawi iliyonse ndikalowa kapena kutuluka pali komishoni ya buloka, pali mpata wa pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira, ndiponso pali silipeji, kutanthauza kuti oda yanga yadutsa pa mtengo woipirapo kuposa umene ndinauona. Ndinaika 0.1 peresenti pa kusuntha kulikonse:

```python
trades = df["held"].diff().abs()
df["net"] = df["held"] * df["close"].pct_change() - trades * 0.001
```

Nambala imeneyi ndinangoisankha, siinachokere ku msika, choncho ndinayesanso ndi 0.002 ndi 0.003 kuti ndione pamene phindu likuthera. Pa masiku aja a 2020 ndinasuntha kasanu, theka la peresenti n'kupita. Chovuta n'chakuti silipeji imakula msika ukasokonekera, ndipo ndi nthawi yomweyo imene lamuloli limandilowetsa ndi kunditulutsa pafupipafupi. Nambala imodzi yosasintha imaonetsa ndalama zolipira za masiku oipa ngati zochepa.

Ndinapezanso kuti S&P 500 imene ndinatsitsa ilibe madividendi, phindu limene makampani amagawira eni masheya. Izi zimakomera njira yanga mobisa, popeza munthu wongogula n'kusunga amalandira madividendi onse, pamene ine ndikakhala kunja amandiphonya. Ndinasiya indekisi kuti izingopereka chizindikiro, koma phindu ndinayamba kuwerengera pa SPY, thumba la masheya lotsata indekisiyo, limene linayamba kugulitsidwa mu 1993, pa mitengo yophatikiza madividendi.

Zonsezi zitalowa, galafu inafota, ndipo dzanja linayamba kuyabwa. Bwanji ndiyese masiku 180? Nanga 210? Uku ndi kuoneranso mayankho, kungoti woonera tsopano ndi ine, osati pulogalamu. Ndikayesa manambala makumi asanu n'kusankha yopambana, ndasankha imene inagwirizana mwangozi ndi zakale. Ndiye ndinadula mitengo pawiri. Kuseweretsa manambala konse ndinachitira pa zaka za 1993 mpaka 2012, ndipo ndinkayang'ana ngati manambala oyandikana, monga 190 ndi 210, akupereka zofanana ndi 200. Za 2013 kupita mtsogolo ndinaziika mu fayilo ina. Ndinalemba papepala avareji ya masiku 200, kugula pa mtengo wotsegulira ndi 0.002, kenako ndinatsegula fayiloyo kamodzi kokha.