Mmene ndinafupikitsira malamulo 38 kukhala mizere isanu

Ahedi atandipatsa mapepala atatu a malamulo a sukulu, anangoti, "Aphunzitsi, izi zikwane pa chipepala chimodzi choti ana aziwerenga." Malamulowo analipo 38, ndipo pafupifupi onse ankayamba ndi "Musa-" kapena "Nkoletsedwa".

Ndisanalembe chilichonse ndinatenga sizasi. Ndinadula lamulo lililonse pakapepala kakekake, n'kuyala timapepalato pa tebulo. Funso langa linali limodzi: kodi lamuloli mwana angalisunge yekha lero, ali pasukulu? Malamulo 9 anagwa pomwepo chifukwa ankalankhula ndi makolo, monga lobwera kumisonkhano kapena lolemba kalata mwana akadwala. Ena 6 anali a milandu ikuluikulu, monga kubwera ndi mpeni kapena mowa, pamodzi ndi zilango zake. Amenewa sindinawafafanize. Anatsala m'buku la malamulo, koma mwana wazaka zisanu ndi ziwiri safunika kuwerenga za mpeni m'mawa uliwonse.

Timapepala 23 totsalato ndinatiunjika molingana ndi zimene tikunena, ndipo panatuluka milu isanu. Mulu wa phokoso ndi kumvetsera unali ndi timapepala 7, wa kumenyana ndi kutukwana 5, wa katundu ndi ukhondo 5, wa kayendedwe 4, wa nthawi 2. Apa m'pamene ndinaona kuti mndandandawo unatalika chifukwa mwana akalakwa mwanjira yatsopano, wina ankangowonjezera lamulo. "Musalembe pakhoma", "Musalembe pa desiki" ndi "Musang'ambe mabuku" ndi nkhani imodzi yovala malaya atatu.

Ntchito yeniyeni inali kutembenuza mawu. Ukauza mwana kuti "usathamange", wamuuza chimodzi chokha chosachita, ndipo zina zonse wamusiyira. Akhoza kudumpha kapena kutsetsereka, n'kukuuza mosaphethira kuti sanathamange. Ndiye pa mulu uliwonse ndinkadzifunsa kuti, mwana akamachita bwino, ine ndimaona chiyani ndi maso? Mulu wa kayendedwe unali wosavuta: "Timayenda pang'onopang'ono m'kalasi ndi m'khonde." Wa phokoso unakhala "Wina akamalankhula, timamvetsera." Ndinasankha "tima-" m'malo mwa kulamula, kuti lamulolo lindigwire ndi ine ndemwe.

Msampha wake ndi wakuti ukamathawa "musa-" umagwera m'mawu okoma opanda kanthu. Poyamba ndinalemba "Timakhala aulemu", koma ulemu suoneka ngati mmene kuyenda kumaonekera, ndipo mwana aliyense amakhulupirira kuti iye ndi waulemu kale. Pa mulu wa kumenyana ndinayesa "Timagwiritsa ntchito manja athu bwino". Nditawerengera ana, mnyamata wina wakumbuyo anafunsa ngati kumenya bwino kukuloledwa. Kalasi lonse linafa ndi phwete, koma mwanayo sanalakwe. Ndinabwerera ku timapepala tija n'kuona kuti ndewu zambiri zimayamba mwana akaputidwa n'kusowa chochita. Mzerewo unasanduka "Tikayambana, timakambirana kapena timauza aphunzitsi." Ndi wautali kuposa inzake, koma umamupatsa mwana kolowera mtima ukamupsa.

Mizere iwiri yotsala inali "Timasamala zinthu zathu ndi za sukulu" ndi "Belu likalira, timakhala tili pamalo athu". Woyambawo sukundikhutiritsa mpaka pano, popeza "kusamala" ndi mawu otambalala, ndiye pambali pake ndinajambulapo buku, desiki ndi bini.

Pali lamulo limodzi limene ndinakana kulikometsera, loletsa kugwira bokosi la magetsi. Pamene pali ngozi, mawu oti "Osagwira!" amamveka msanga kuposa chiganizo chofatsa. Limenelo ndinalilemba palokha n'kulimata pabokosi pomwepo, osati pa chipepala cha malamulo.

Ndisanagwire maka, ndinayesa mizere ija pawiri. Ndinatenganso timapepala 23 tija n'kumaika kalikonse pansi pa mzere wake, kuti ndione ngati pali kosowa kwawo. Kamodzi, kokhudza kupempha chilolezo potuluka m'kalasi, kanasowadi, koma ndinaona kuti imeneyo ndi ndondomeko yophunzitsa pakamwa sabata yoyamba. Kenako ndinaitana ana anayi kuti aonetse mzere uliwonse ngati sewero, osalankhula. Mzere umene ana akanika kuuseweretsa ndiye kuti sunamveke.

Ndinalemba pa pepala lalikulu la A1, ndi maka yakuda, mzere uliwonse ndi nambala yake. Ulendo woyamba zilembo zinali za masentimita atatu, ndipo nditakhala pa desiki lomaliza ndinkachita kutsinzinira kuti ndiwerenge. Ndinalembanso ndi zilembo za masentimita asanu ndi limodzi, n'kupachika chipepalacho pofanana ndi maso a ana, osati anga. Tsopano wina akathamanga m'khonde ndimangofunsa kuti, "Nambala wani ikuti bwanji?" ndipo anzake ndi amene amayankha.