Akakukwezera malipiro, msonkho sudya zonse

Lero ku ntchito mnzanga amafuna kukana inkirimenti ati akalowa bulaketi ya 30 peresenti msonkho umudyera salale yonse, zandiwawa kwambiri mpaka ndinatenga pepala nkumuwerengera.

Tiyerekeze kuti 100,000 yoyamba pa mwezi sadula kanthu, kuchoka apo kufika 300,000 amadula 20 peresenti, yopitirira apo 30 peresenti. Iwe ukulandira 350,000. Pa chigawo chachiwiri chija, 200,000, akudula 40,000, ndiye pa 50,000 yapamwambayo akudula 15,000, yonse pamodzi 55,000 basi. 30 peresenti ija ndi majino reti, imagwira ndalama yokhayo yomwe yadutsa mzere osati salale yonse ayi. Avereji reti ndi msonkho wonse kugawa ndi salale yonse, 55,000 pa 350,000, yomwe sikufika ndi 16 peresenti yomwe.

Mnzangayu anali pa 300,000 ndendende, kunyumba amapita ndi 260,000, pano akamukwezera kufika pa 350,000 azitenga 295,000. Anthu kumakana ovataimu ndi kukwezedwa chifukwa choopa nambala yomwe sikhudza ndalama zawo zonse, abale! Ukafuna kudziwa zomwe zikutsalire pa inkirimenti yang'ana majino reti, koma za mtolo wonse omwe wasenza funsa avereji.