Fupa litachedwa kulumikizana, ndinawauza bwanji abwana

Nditathyoka mwendo pangozi ya kabaza, adokotala anandiika chikhakha n'kulemba kuti ndipume masabata 6. Lachinayi la sabata yomaliza ndinapita kukajambulitsa, ndipo anapeza kuti fupa silinagwirane bwino. Anati chikhakha chikhale masabata ena 4. Kuntchito ankandiyembekezera Lolemba.

Ndisanatuluke m'chipindamo ndinapempha kalata yatsopano. Zolembedwa m'buku lakuchipatala sindinafune kuzipereka kuntchito, chifukwa muli mbiri ya matenda anga onse, amene sakukhudza abwana. Koma ndinalakwitsa chinthu chimodzi: sindinaiwerenge kalatayo. Inangoti ndipitirize kupuma mpaka nditachira, popanda tsiku.

Madzulo omwewo ndinawaimbira foni abwana, osadikira kuti aone okha mpando wopanda munthu Lolemba. Ndinati, "Bwana, pepani, ndachokera kuchipatala. Fupa silinalumikizane, ndiye andiwonjezera masabata 4. Kalata ndituma mawa." Anandifunsa ngati sindingamabwereko theka la tsiku. Mtima unafuna kuvomera, poti ndinkadziwa kuti anzanga akusenza ntchito yanga. Ndinayankha kuti adokotala aletsa kupondera mwendowo, ndipo kukwera minibasi ndi ndodo ziwiri sikutheka. Zomwe ndinatha ndi kufotokozera mnzanga pafoni pamene ndinasiyira mafaelo.

Mawa lake a ku ofesi yoona za antchito anaibweza kalatayo, ndipo sanalakwe. Popanda tsiku sakanadziwa powerengera malipiro, kapena kuti wondigwirizira ntchito akhale mpaka liti. Ndinabwerera kuchipatala, n'kupempha kuti alembe vuto langa, tsiku loyambira, tsiku lomaliza, ndi tsiku lodzandionanso, kenako asaine ndi kudinda. Ndinaijambula pafoni ndisanaitumize, ndipo mlongo wanga atakaipereka anauza wolandirayo kuti asaine pa kope langa.

Nkhani ya ndalama ndiyo inandisowetsa tulo. Lamulo la ntchito la 2000 kuno ku Malawi limati amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wopuma akadwala kwa masabata osachepera 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro pachaka, akaonetsa kalata ya dokotala wovomerezeka. Anga anakwana masabata 10: oyamba 4 ndinalandira zonse, 6 enawo theka. Kunatsala masabata 2 okha. Ndinapempha kuti andilembere kuwerengera kumeneku, ndipo ndinafunsiratu ngati masiku anga a tchuthi chapachaka angadzalowepo fupa likachedwanso.

M'kalata yanga yoperekeza sindinalonjezenso tsiku lobwerera. Ndinangolemba tsiku lokaonana ndi adokotala, n'kuwonjezera kuti ndidzaimba foni tsiku lomwelo ndikangotuluka m'chipatala.