Chimene chinandiphunzitsa kusiyanitsa maikulopulosesa ndi maikulokontolola

Mnzanga wa chaka choyamba, munandifunsa tsiku lija tikutuluka m'labotale kuno ku Tete chifukwa chimene timagwiritsira ntchito mayina awiri pomwe tizipangizo tonseti timaoneka tofanana. Inenso ndinaloweza matanthauzo ake chaka chatha, koma ndinawamvetsa pamene ndinkapanga makina ofungatira mazira a azakhali anga a ku Ulongwe, m'boma la Angonia, kumene kuzizira kwa mwezi wa Juni kumawononga mazira msanga.

Maikulopulosesa ndi gawo lowerengera ndi kutsata malangizo lokha, loikidwa pa tchipu chimodzi. Chotere choyamba kugulitsidwa chinali Intel 4004, mu 1971. Pachokha sichigwira ntchito, chifukwa ramu yosungira zinthu kwakanthawi, posungira pulogalamu ndi njira zolumikizirana ndi zakunja zimakhala pa matchipu ena, ndipo wopanga bodi ndiye amazilumikiza. Maikulokontolola imakhala ndi zonsezi m'kati mwa tchipu chimodzi, ngakhale kuti n'zochepa. Mwachitsanzo, maikulokontolola ya ATmega328P ya pa bodi la Arduino Uno ili ndi makilobaiti 32 a fulashi osungira pulogalamu, makilobaiti 2 a ramu, ndiponso kagawo kosandutsa voteji kukhala nambala.

Ntchito yanga inali yakuti kutentha m'bokosi kukhale pafupi ndi madigiri 37.5 kwa masiku 21, babu likuyaka kukazizira ndi kuzima kukatentha. Poyamba ndinkafuna Raspberry Pi 3, poganiza kuti champhamvu ndicho chabwino. Bodi limeneli lili kumbali ya maikulopulosesa: ramu yake ya gigabaiti imodzi ili pa tchipu chapadera, ndipo Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa bodi lonse, imachokera pa kakhadi ka SD. Zinthu ziwiri zinandibweza. Choyamba, sensa yanga yoyezera kutentha ya LM35 imatulutsa mamilivoti 10 pa digiri iliyonse, pomwe mapini a Raspberry Pi amangosiyanitsa kuyaka ndi kuzima, kotero ndikadafunika kugula tchipu china chomasulira votejiyo. Chachiwiri chinali magetsi. Akathima n'kubwerera, Linux imatenga masekondi ambiri isanadzuke, ndipo ngati athima pamene ikulemba pa kakhadi, mafayilo akhoza kuwonongeka, makinawo osadzukanso, mazira ali m'kati. ATmega328P ilibe Linux yoti idikire. Imayamba pulogalamu yake imodziyo kuchokera mu fulashi m'kanthawi kochepa.

Masamu a sensa ndi amene ndikufuna muwaone bwino. Pa madigiri 37.5, LM35 imapereka mavoti 0.375. Kagawo komasulira kaja kamagawa mavoti 5 m'masitepe 1024, kotero sitepe imodzi ndi pafupifupi mamilivoti 4.9, ndiko kuti theka la digiri, ndipo `analogRead(A0)` imabweza nambala yozungulira 77. Theka la digiri n'lalikulu kwa dzira. Koma m'kati mwa tchipuchi muli muyezo wina wa mavoti 1.1, ndipo ndi mzere umodzi, `analogReference(INTERNAL)`, sitepe inatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri, nambala n'kukhala yozungulira 349. Sindinawonjezere kachipangizo kalikonse pa bodi, ndipo pamenepo m'pamene mawu akuti zonse zili m'kati anakhala enieni kwa ine.

Malire ake ndinakumana nawo sabata yomweyo. Ndinafuna kusunga kutentha kwa mphindi iliyonse kwa tsiku lathunthu:

```c
int kutentha[1440];
```

Pa tchipu ichi `int` imodzi imadya mabaiti 2, kotero mndandandawu ukufuna mabaiti 2880, pomwe ramu yonse ndi mabaiti 2048. Nditauika kunja kwa mafankishoni, kompaila inakana n'kunena kuti malo sakukwana. Nditausamutsira m'kati mwa `loop()` inavomera mwakachetechete, ndipo uku ndiko kuopsa kwake: bodi linayamba kulemba zosamveka pa Serial Monitor ndi kumangoyambiranso lokha, rele yoyatsa ndi kuzimitsa babu ikuliralira. Palibe Linux yokuchenjezani kuti memore yatha; pulogalamu imangolemba pamwamba pa zinthu zake zomwe. Mukadzaona zizindikiro zotere mutangowonjezera mndandanda kapena mawu ambiri, yambani mwawerengera mabaiti musanakayikire mawaya. Ine ndinasintha n'kumasunga kamodzi pa mphindi 10 zilizonse, nambala 144, mabaiti 288.

M'maganizo anga, funso loyenera si lakuti chothamanga n'chiti, ngakhale kuti mamegahetsi 16 a Uno ndi ochepetsetsa poyerekeza ndi magigahetsi 1.2 a Raspberry Pi 3. Babu ndi sensa sizifuna liwiro limenelo. Koma azakhali atafunsa ngati n'zotheka kuika kamera kuti aziona anapiye pa foni, ndinawayankha kuti chithunzi chimodzi cha madontho 640 ndi 480, ngakhale chopanda mitundu, chimafuna mabaiti 307200, omwe ndi ramu ya ATmega328P kuchulukitsa ka 150. Gawo limenelo tidzalipereka kwa Raspberry Pi, koma babu lidzakhalabe m'manja mwa ATmega328P.